Kufunsa wa hadiweya za malata: geji, mamilimita ndi zoyenera kulemba mu uthenga

Mvula ikamayandikira, cha m'Seputembala ndi Okutobala, mafoni a eni mahadiweya amadzaza ndi funso limodzi: "Bwana, malata a geji 28 muli nawo? Ndi zingati?" Yankho limabwera msanga kuti alipo, mtengo ndi wakutiwakuti. Munthu amatumiza funso lomwelo kumashopu atatu n'kulandira mitengo itatu yotalikirana kwambiri, pamene onse akunena kuti awo ndi geji 28. Apa ambiri amaganiza kuti wodulayo akuba, kapena kuti wotchipayo akunama. Nthawi zina zimakhaladi choncho, koma nthawi zambiri onse atatu amakhala ayankha zoona pa funso limene silinafunse chilichonse chogwirika, chifukwa mawu akuti geji 28 alibe tanthauzo limodzi.

Geji ndi chiyani, ndipo n'chifukwa chiyani imayenda chobwerera

Geji ndi nambala imene amalonda amatchulira kuchindikala kwa lata. Chosokoneza choyamba n'chakuti nambala ikamakwera, lata limapyapyala: geji 28 ndi yochindikala kuposa geji 30, ndipo geji 32 ndi yopyapyala kuposa zonsezi. Kawerengedwe kameneka kanachokera kwa opanga mawaya akale, amene ankakoka chitsulo kudutsa m'timabowo tocheperachepera. Waya wokokedwa kambiri ndiye anali woonda, ndipo nambala yake inali yaikulu. Zili ngati mayi amene akupsinja ufa wa mandasi ndi botolo: akadutsitsa botolo kachiwiri, kachitatu, kachinayi, nambala ya maulendo ikukwera koma ufawo ukunka nupyapyala.

Chosokoneza chachiwiri ndiye chachikulu. Palibe ndandanda imodzi ya geji padziko lonse. Pa ndandanda yakale ya ku Britain, geji 28 ndi mamilimita 0.376, geji 30 ndi 0.315, geji 32 ndi 0.274. Pa ndandanda ya ku America ya chitsulo chokutidwa ndi zinki, geji 28 yomweyo imafika pa 0.475. Pamsika wa malata wa kum'mawa kwa Africa, geji 28 amaitenga ngati 0.32, geji 30 ngati 0.25, geji 32 ngati 0.20. Taonani kuti geji 30 ya ndandanda ina ikungofanana ndi geji 28 ya ndandanda inzake. Malata amene ali m'mashopu a ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu, Chipata kapena Tete amachokera kumafakitale osiyanasiyana, ena a kuno, ena a kunja, ndipo palibe chimene chingakutsimikizireni kuti onse akuwerengera pa ndandanda imodzi.

Choncho geji ili ngati ndowa ya chimanga pamsika. Aliyense amati "ndowa", koma ina ndi yodzaza mpaka phiri, ina ndi yosalaza, ina inaphwanyidwa kunsi kuti ilowe zochepa. Wofuna chilungamo amati tiyike pa sikelo. Pa malata, sikelo yake ndi mamilimita, ndipo funso loyamba mu uthenga liyenera kukhala lakuti lata lake ndi mamilimita angati.

Mamilimita a chitsulo chokha, kapena pamodzi ndi chokutira?

Lata si chitsulo chokhachokha. Pakati pali chitsulo, kunja kwake mbali zonse ziwiri kuli chokutira choteteza ku dzimbiri, ndipo pa malata amtundu pamwamba pake pali penti. Kuchindikala kungatchulidwe m'njira ziwiri. Pa makoteshoni ndi pa zolemba za fakitale mudzaona zilembo BMT, zimene zimatanthauza kuchindikala kwa chitsulo chokha chisanakutidwe, kapena TCT, kuchindikala kwa chitsulo pamodzi ndi chokutira chake.

Kusiyanaku kumaoneka kochepa papepala. Chokutira chimawonjezera mamilimita pakati pa 0.02 ndi 0.04, ndipo penti imawonjezeranso pafupifupi 0.02 kapena 0.03. Pa lata lochindikala la 0.58 zimenezi n'zazing'ono. Koma pa lata lopaka penti limene likuyezeka 0.30 kunja kwake, chitsulo chenichenicho chingakhale cha 0.25 basi. Mphamvu ya denga ili m'chitsulomo, osati m'penti. Ndipo kulimba kwa malo osalala a lata sikutsika mofanana ndi kuchindikala, kumatsika mofulumira kwambiri: kuchoka pa 0.30 kufika pa 0.25, malo osalalawo amatsala ndi kulimba kongopitirira theka pang'ono. N'chifukwa chake lata lina kalipentala akangopondapo molakwika limatsala ndi chidindo cha phazi, pamene linzake looneka chimodzimodzi limabwerera bwinobwino.

Wogulitsa akati "ndi 0.30", funso lotsatira ndi lakuti 0.30 imeneyi ndi BMT kapena TCT. Eni mashopu ang'onoang'ono ambiri sadziwa yankho pamtima, ndipo si mlandu. Angathe kuyang'ana pa invoyisi imene anaodera kapena kuseri kwa lata.

Kuchindikala ndi kwina, dzimbiri ndi kwina

Anthu ambiri amakhulupirira kuti lata lochindikala ndiye losachita dzimbiri. Ayi. Kuchindikala kumathandiza pa mphepo, pa matalala, pa kupondedwa ndi pa kutalikirana kwa matabwa apansi. Chimene chimachedwetsa dzimbiri ndi chokutira. Lata la 0.40 lokutidwa mopyapyala lingayambe kufiira msanga kuposa la 0.30 lokutidwa bwino. Lochindikalalo lidzachedwa kubooka, inde, koma dzimbiri lidzakhala litayamba kale.

Zokutira zofala ndi ziwiri. Choyamba ndi zinki yekha, ndipo malata ake ndi aja timati agalavanaizi, ooneka ndi timaluwamaluwa tonyezimira. Chizindikiro chake ndi chilembo Z chotsatana ndi nambala, monga Z100, Z200 kapena Z275. Chachiwiri ndi chosakaniza cha aluminiyamu ndi zinki, chimene magawo 55 pa 100 ndi aluminiyamu, pafupifupi 43 ndi zinki, kotsalako ndi silikoni. Chizindikiro chake ndi AZ, monga AZ70, AZ100 kapena AZ150. Nambalayo ndi magalamu a chokutira pa sikweya mita imodzi, kuphatikiza mbali zonse ziwiri. Apa nambala siyenda chobwerera ngati geji: ikakula, chokutira chachuluka.

Musayerekeze nambala ya Z ndi ya AZ mwachindunji, poti aluminiyamu ndi wopepuka. AZ150 ndi Z275 ndi zochindikala pafupifupi mofanana, ngakhale manambala akutalikirana. Padenga la nyumba yogona, chosakaniza cha aluminiyamu ndi zinki nthawi zambiri chimakhalitsa kuposa zinki yekha wochindikala mofanana. Koma chili ndi adani ake. Sichigwirizana ndi simenti yaiwisi kapena matope a simenti, kotero malata amene mmisiri wawamatira m'khoma kumapeto kwa denga amayamba kudyeka pamzere womwewo. Sichigwirizananso ndi mpweya wa ndowe m'khola lotsekeka la nkhumba kapena nkhuku, kumene agalavanaizi okutidwa mochindikala amachita bwinopo. Mkuwa umawononga mitundu yonse iwiri, ndipo matabwa ena obiriwira aja oviikidwa m'mankhwala a chiswe amakhala ndi mkuwa m'kati. Chifukwa cha zimenezi, uthenga wabwino umanena kuti malata akukafoleredwa pa chiyani: nyumba, khola, chigayo, kapena nyumba yosungiramo feteleza.

Dzina la kampani: pali mayina atatu pa lata limodzi

Munthu akafunsa kuti "muli ndi malata a kampani yanji", yankho limene amalandira lingakhale dzina lililonse mwa atatu. Pali fakitale imene inapanga mpukutu wa chitsulo n'kuukuta komanso kuupaka penti. Pali kampani imene inagula mpukutuwo n'kuulowetsa m'makina opinda kuti ukhale malata. Ndiye pali dzina la malonda la chinthucho. Mwachitsanzo, Chromadek ndi dzina la chitsulo chopaka penti cha kampani ya ArcelorMittal ya ku South Africa. Zincal ndi Colorplus ndi mayina a zitsulo za gulu la Safal, limene kampani yopinda malata ya Safintra ili pansi pake. Makampani opinda alipo ambiri, aakulu ndi aang'ono, ndipo kampani imodzi ingathe kupinda mipukutu yochokera kumafakitale osiyana malinga ndi zimene yapeza mwezi umenewo.

Vuto lina n'lakuti mayina ena anasanduka mawu wamba. Monga mmene mankhwala otsukira mano aliwonse anthu amawatchulira dzina la kampani imodzi, ambiri m'chigawo chino amatchula lata lililonse lopaka penti ndi dzina la kampani imodzi yotchuka. Wogulitsa akatchula dzinalo, mwina akungotanthauza kuti ndi lamtundu. Sananame m'maganizo mwake, koma inu mwamva zina.

Njira yodulira mkangano ndi chithunzi. Mafakitale odziwika amasindikiza timalemba kuseri kwa lata kapena m'mphepete mwake, mobwerezabwereza kutsata utali wa lata. Timalembato kawirikawiri timanena dzina la wopanga, kuchindikala, mtundu wa chokutira, ndipo nthawi zina nambala ya mpukutu. Pemphani kuti akujambulireni pamenepo. Lata lopanda chilembo chilichonse si ndiye kuti ndi loipa, koma palibe amene mungamugwire pa zimene wanena, ndipo mtengo wake uyenera kusonyeza zimenezo.

M'lifupi mwake, pamene ndalama zimathawira mwakachetechete

Funso la kampani ndi la kuchindikala silikwanira popanda m'lifupi, ndipo m'lifupi wofunika si wa lata lonse koma wa malo amene lata limafolera likalumikizana ndi linzake. Malata a IBR, a nthiti za makona, amafolera mamilimita 686. Malata wamba a mafunde alipo aakulu ofolera 762 ndi aang'ono ofolera 610, ndipo pamsika pamapezekanso ena a miyezo yapakatikati.

Tiyerekeze nyumba ya denga la mbali ziwiri. Kalipentala wayeza: utali wa denga kuchokera kumapeto kufika kumapeto, kuphatikiza zotulukira kunja kwa khoma, ndi mamita 10. Kutsetsereka kwake kuchokera pamsonga kufika m'khonde ndi mamita 3.6. Pa IBR, mamilimita 10,000 kugawa ndi 686 ndi 14.6, ndiye malata 15 mbali imodzi, 30 denga lonse. Pa malata a mafunde ofolera 762 ndi 14 mbali imodzi, 28 onse. Pa ofolera 610 ndi 17 mbali imodzi, 34 onse.

Tsopano tiike mitengo yongoyerekeza. Shopu yoyamba ikugulitsa lalikulu lija pa K30,000, yachiwiri ikugulitsa laling'ono pa K26,000. Pafoni yachiwiri ikuoneka yotchipa ndi K4,000 pa lata. Koma 28 kuchulukitsa ndi K30,000 ndi K840,000, pamene 34 kuchulukitsa ndi K26,000 ndi K884,000. Yotchipa ija yadula ndi K44,000, ndipo mwawonjezera mizere yolumikizira isanu ndi umodzi pamene madzi angalowere, kuphatikizapo misomali yake.

Utali nawonso uli ndi kamsampha kake. Malata ambiri amatchulidwabe m'mafiti. Mafiti 10 enieni ndi mamita 3.05 ndipo mafiti 12 ndi 3.66, koma ena amadula pa 3.0 ndi 3.6 n'kumatchulabe mafiti omwewo. Masentimita 6 amenewo ndi amene amasiyanitsa madzi ogwera m'ngalande ya denga ndi madzi otsikira pa thabwa la m'mphepete n'kuliwoletsa. Kumakampani opinda, lata amadula pa utali umene mwapempha ndipo mtengo amawerengera pa mita. Denga lotsetsereka kupitirira mafiti 12 limachita bwino ndi lata limodzi lalitali kusiyana ndi awiri olumikiza pakati, chifukwa polumikizapo pamadya masentimita 15 mpaka 25 ndipo ndi pamene dzimbiri limakonda kuyambira.

Uthengawo

Mwini hadiweya amawerenga mauthenga ataimirira, kasitomala wina akudikira simenti pakauntala. Uthenga wautali ngati kalata ya kumudzi sawuyankha, kapena amangoyankha mzere womaliza. Waufupi kwambiri amauyankha ndi mtengo basi. Wapakati umaoneka chonchi:

"Mwaswera bwanji bwana. Ndikufolera nyumba yogona, ndikufuna malata a IBR opaka penti, obiriwira, aatali mamita 3.6, okwana 30. Chonde ndiuzeni makampani amene muli nawo m'sitoko panopa. Pa kampani iliyonse ndikufuna kudziwa kuchindikala m'mamilimita, ngati ndi BMT kapena TCT, chokutira chake ngati ndi Z kapena AZ ndi nambala yake, komanso mtengo wa lata limodzi pamodzi ndi msonkho. Mukandijambulire malemba a kuseri kwa lata. Zikomo kwambiri."

Mawu akuti "m'sitoko panopa" ali ndi ntchito yake. Mashopu ambiri amavomera kuti katundu alipo pamene akutanthauza kuti angathe kukamutenga kwina mukalipira. Zimenezo si zoipa, koma muyenera kudziwa, chifukwa chithunzi chimene angakutumizireni sichidzakhala cha malata amene adzafike kwanu. Kutchula chiwerengero kumathandizanso pa malata amtundu. Penti ya mipukutu iwiri yosiyana, ngakhale dzina la mtundu likhale limodzi, imatha kusiyana pang'ono. M'shopu simungaone, koma padenga dzuwa likawomba, malata 20 amaoneka mwina, 10 mwina. Ngati shopu ili ndi 22 okha ndipo ikuti 8 abwera sabata yamawa, funsani ngati adzachokere pa mpukutu womwewo.

Uthengawo watchula msonkho dala. Mitengo ina imaperekedwa yopanda msonkho wa VAT, n'kudzauonjezera polemba lisiti, ndipo kuyerekeza mashopu kumasokonekera pomwepo.

Nali yankho la mtundu umene umabwera kawirikawiri:

"Taswera bwino achimwene. Alipo a geji 28 ndi geji 30, onse ndi orijino. A 28 ndi olimba kwambiri, anthu akutenga omwewo. Bwerani mudzaone."

Yankholi silinayankhe kanthu pa zimene munafunsa, koma si chizindikiro chakuti munthuyo ndi wachinyengo. Ndi mmene malonda amayankhulidwira. Musabwereze mafunso onse. Sankhani limodzi losavuta kuchita:

"Zikomo bwana. Ndisanakwere minibasi, mungomuuza mnyamata atembenuze lata limodzi la geji 28 ndi limodzi la geji 30, ajambule malemba a kuseriko. Ngati palibe malemba, ndiuzeni zimene zalembedwa pa invoyisi imene munaodera."

Chithunzi chikabwera chikuonetsa, tinene, dzina la wopanga kenako 0.30 ndi AZ100, mwadziwa zinthu zitatu zimene mawu akuti geji 28 sakanakuuzani. Mukatumiza uthenga womwewo kumashopu atatu, mumayerekeza 0.30 AZ100 ndi 0.27 AZ70 ndi 0.40 AZ150, ndipo kusiyana kwa mitengo kuja kumayamba kumveka. Wogulitsa amene wakana kujambula, wakananso kutchula mamilimita, n'kumangoti "ndikhulupirireni", wakupatsani yankho lokwanira.

Kutsimikiza mukafika pashopu

Chida choyezera kuchindikala ndi maikiromita, kachida kooneka ngati chilembo C kokhala ndi chopotokola, kamene kamawerenga mpaka 0.01 ya milimita. Makampani opinda malata ndi mahadiweya aakulu amakhala nako. Yezani pamalo osalala, masentimita awiri kapena atatu kuchokera m'mphepete, chifukwa podulidwa penipeni pamakhala kamlomo kopindika kamene kamawonjezera nambala. Yezani malo atatu pa lata limodzi, ndipo malata ake mutenge apakati pa mulu, osati apamwamba okha. Kumbukirani kuti maikiromita ikuyeza zonse, chitsulo, chokutira ndi penti. Lata lopaka penti lolonjezedwa kuti ndi 0.30 BMT liyenera kuonetsa cha m'ma 0.34 kapena 0.35. Likaonetsa 0.30 ndendende, chitsulo chake n'chocheperapo. Kusiyana kwa 0.01 kapena 0.02 kumachitika ngakhale pa katundu wabwino, poti fakitale iliyonse ili ndi malire ololedwa. Kusiyana kwa 0.05 ndi lata lina.

Kumene kulibe maikiromita, sikelo imagwira ntchito, ngakhale ija yopachika yoyezera chimanga. Chitsulo chochindikala milimita imodzi chimalemera makilogalamu 7.85 pa sikweya mita. Kuwerengera kwake n'kotere:

```
kulemera (kg) = utali (m) x m'lifupi wotambasula (m) x kuchindikala (mm) x 7.85
```

M'lifupi wotambasula ndi m'lifupi wa chitsulo chisanapindidwe. Mumaupeza poyendetsa chingwe chopyapyala chopingasa lata, kutsata nthiti iliyonse kukwera ndi kutsika, kenako n'kuchiwongola n'kuchiyeza ndi tepi. Pa IBR wa 686 kawirikawiri chimakwana mamilimita 925. Pa lata lathu la mamita 3.6, malo ake ndi 3.6 kuchulukitsa ndi 0.925, kutanthauza masikweya mita 3.33. Pa 0.30 chitsulo chikulemera makilogalamu 7.84. Onjezerani magalamu 330 a chokutira cha AZ100, mwafika pa 8.2, ndipo penti imaikapo pang'ono. Pa 0.25 mupeza cha m'ma 6.9. Pa 0.40 mupeza 10.8. Lata limodzi pa sikelo yapamsika lingakunamizeni, choncho mangani asanu pamodzi: 41 ndi 34 ndi makilogalamu amene sikelo iliyonse imasiyanitsa.

Njira imene ambiri amadalira, yogwedeza lata kapena kupinda kona ndi zala, ndi yosadalirika. Chitsulo cha malata chilipo cholimba kwambiri, chimene pa zolemba chimatchedwa G550, ndi chofewerapo monga G300. Lata lopyapyala la chitsulo cholimba limamveka ngati lamphamvu m'manja kuposa lochindikala la chitsulo chofewa. Kulimbako n'kwabwino padenga lowongoka, koma chitsulo chotere sichifuna kupindidwa kwambiri, chimang'aluka. Ndiye dzanja likuuzani za kulimba, osati za mamilimita.

Muli pomwepo, suzumirani pakati pa malata a mu mulu. Mukaona ufa woyera ngati phulusa pa agalavanaizi, kapena madontho akuda pa a aluminiyamu ndi zinki, malatawo ananyowa ali osanjikizana, kaya paulendo kaya pabwalo la shopu. Madzi otsekeredwa pakati pa malata, popanda mpweya, amadya chokutira m'masiku ochepa kuposa mmene mvula ingachitire padenga kwa nthawi yaitali. Zomwezo zingachitike kwanu. Malata akafika msanga, aikeni pa matabwa motsetsereka, pansi pa denga, osati pa dothi atakutidwa ndi pulasitiki yosunga chinyezi.

Kodi muyenera kufunsa lochindikala bwanji?

Palibe nambala imodzi yoyenera aliyense. Chimene chimalamula kwambiri ndi kutalikirana kwa mapelini, matabwa opingasa aja amene malata amakhomeredwapo. Lata lopyapyala limafuna mapelini oyandikana. Padenga lathu la mamita 3.6, mapelini otalikirana mamita 1.2 ndi mizere 4 mbali imodzi, pa 0.9 ndi mizere 5, pa 0.6 ndi mizere 7. Mzere uliwonse wowonjezera ndi mamita 20 a thabwa pa mbali ziwirizo. Ndalama zimene mwapulumutsa pa malata opyapyala zingathere kwa wogulitsa matabwa. Choipa kwambiri ndi kukhoma mapelini motalikirana poyembekezera malata ochindikala, kenako ndalama zitachepa n'kugula opyapyala. Denga lotero limalira ndi mphepo iliyonse, limapanga timabeseni pakati pa mapelini, ndipo pa mkuntho chitsulo chimang'ambika mozungulira mutu wa msomali, lata n'kuuluka misomali itatsala m'thabwa. Opanga odziwika amakhala ndi ndandanda yosonyeza kutalikirana koyenera pa kuchindikala kulikonse, ndipo mungathe kuipempha mu uthenga womwewo. Nthawi yabwino yofunsa mashopu ndi kalipentala asanakhome mapelini.

Kapangidwe ka lata nako kamalowererapo. Nthiti za IBR ndi zakuya pafupifupi kuwirikiza kawiri mafunde a malata wamba, kotero pa kuchindikala kofanana IBR imalimba kwambiri ndipo imanyamula madzi ambiri. N'chifukwa chake imaikidwa ngakhale padenga logona kwambiri, la madigiri 5, pamene malata a mafunde amafuna denga lotsetsereka kuposa pamenepo kuti madzi asasefukire polumikizira. Madenga obisika m'kati mwa khoma, amene afala m'matauni masiku ano, ndi ogona chotero, ndipo kusankha molakwika pamenepo kumaonekera pa siling'i mvula yoyamba.

Musaiwale kufunsa zivundikiro za pamsonga ndi zokhomera. Zivundikiro nthawi zambiri zimadulidwa pa chitsulo chopyapyala kuposa malata ngati simunanene, ndipo ndizo zimayamba kufiira. Misomali kapena masikuluwu osakutidwa bwino amachita dzimbiri chaka choyamba n'kumatsitsa mizere yofiira pa lata labwinobwino, ndipo timawasha ta labala wamba timauma ndi dzuwa n'kusweka, madzi n'kumalowa pa bowo lililonse.

Zolemba pa koteshoni ndi pa lisiti

Zonse zimene mwagwirizana pa WhatsApp zilowe papepala. Lisiti yolembedwa kuti "malata 30" ilibe ntchito pa mkangano. Yoyenera imatchula kapangidwe, utali, kuchindikala m'mamilimita pamodzi ndi BMT kapena TCT, chokutira, dzina la wopanga, mtundu wa penti ndi chiwerengero. Ngati wopanga amapereka chitsimikizo cha zaka zakutizakuti, funsani ngati pali pepala lake ndi zimene zimachifafaniza. Kudula malata ndi galainda ndi chimodzi mwa zofala: moto wake umapsereza chokutira podulapo, ndipo tizitsulo totentha timagwera pa penti n'kuchita dzimbiri ngati nthomba. Podula pamafunika sizasi ya malata.

Ku Malawi, bungwe loona za miyezo la MBS ndi limene limayang'anira miyezo ya katundu, ndipo madandaulo a ogula amene agulitsidwa chinthu chosiyana ndi chimene analonjezedwa amapita ku bungwe la CFTC. Onsewo adzafuna kuona chimene chinalembedwa, choncho sungani uthenga, chithunzi cha malemba a kuseri ndi lisiti.

Galimoto ikafika pamalo omangira, werengani malata asanatsike onse, tembenuzani atatu kapena anayi a pakati pa mulu, ndipo yerekezani malemba ake ndi chithunzi chija chili m'foni. Ngati akusiyana, imbani kushopu dalaivala asananyamuke, chifukwa lata likangobooledwa ndi msomali umodzi palibe shopu imene imalilandiranso.